Mavitamini ena amatuluka ndi mkodzo, ena amaunjikana m'chiwindi

"Abale, tsiku lililonse ndimamwa vitamini C wa 1,000 mg, mapiritsi awiri a mavitamini osakaniza, ndi supuni ya mafuta a chiwindi cha nsomba. Mnzanga akuti mavitamini sapweteka chifukwa otsala amatuluka ndi mkodzo. Kodi n'zoona?"

Achemwali, mnzanuyo wanena zoona pa gulu limodzi lokha. Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B amasungunuka m'madzi. Akalowa m'magazi, thupi limatengapo amene likufuna, ndipo ambiri otsalawo impso zimawasefera mu mkodzo. Ngati munaonapo mkodzo uli wachikasu chowala mutamwa mapiritsi osakanizawo, ameneyo ndi vitamini B2 akutuluka, si matenda.

Koma A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta. Amalowa m'thupi limodzi ndi mafuta a m'chakudya, n'chifukwa chake masamba othira nsinjiro amapereka vitamini A wochuluka kuposa ongofwafwaza. Impso sizitha kuwataya msanga, ndiye otsala amakasungidwa m'chiwindi ndi m'mafuta a thupi. Chiwindi chili ngati nkhokwe: mukamathiramo tsiku ndi tsiku koposa zimene mukutapamo, pamapeto pake imasefukira. Kusungaku n'kumene kumachititsa kuti kusikelo ana a miyezi 12 mpaka 59 azilandira kapisozi wofiira uja wa vitamini A, wa 200,000 IU, kamodzi pa miyezi 6. IU ndi muyezo wa mavitamini umene umalembedwa pamabotolo. Mlingo womwewo mutamupatsa mwana mlungu uliwonse, mwamupweteka.

Choncho ine chondidetsa nkhawa pa zimene mukumwazo ndi vitamini A. Mayi wamkulu amafunika 700 mcg patsiku, pafupifupi 2,300 IU, ndipo malire osayenera kupyola tsiku ndi tsiku ndi 3,000 mcg, kapena kuti 10,000 IU. Tembenuzani mabotolo anuwo muwerenge. Tiyerekeze kuti piritsi limodzi lalembedwa 5,000 IU ya retinolo, mtundu wa vitamini A umene umapezekanso m'chiwindi. Awiri ndi 10,000, mwafika kale pamalire. Supuni yaing'ono ya mafuta a chiwindi cha nsomba itaonjezapo 4,000, mwafika 14,000 musanadye chilichonse. Pamwamba pake pali shuga ndi mafuta ophikira, zimene kuno ku Malawi amathiramo vitamini A, ndipo tsiku lodya chiwindi cha ng'ombe, mbale imodzi yokha itha kupyola malire a tsikulo.

Tsiku limodzi lotere silingakugwetseni. Vuto ndi miyezi. Zizindikiro zake zimabwera mwakachetechete, ndipo anthu amaziona ngati kutopa wamba: mutu wosatha, khungu louma, milomo yong'aluka, tsitsi kuthothoka, kuphwanya kwa mafupa, kenako chiwindi chimayamba kuwonongeka. Choipa n'chakuti ena akaona tsitsi likuthothoka amaganiza kuti akusowa mavitamini, n'kuonjezera mapiritsi. Ndipo ukasiya kumwa sizitha mawa lake, chifukwa zosungidwa zija zimatenga milungu kapena miyezi kuti zichepe.

Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kuima, musazengereze: retinolo wochuluka m'miyezi yoyambirira atha kulumaza mwana m'mimba. Siyani mafuta a chiwindi cha nsombawo ndipo mukaonetse mabotolowo kusikelo ya amayi.

Mango, mapapaya, maungu, karoti ndi mbatata yofiira m'kati musaziope. Mmenemo muli beta-karotini, ndipo thupi limasandutsa kukhala vitamini A mlingo wokha umene likufuna. Mukadya zochuluka kwambiri zikhatho zimachita chikasu, basi.

Vitamini D naye amaunjikana. Malire a munthu wamkulu ndi 4,000 IU patsiku pokhapokha adokotala atalamula mwina. Akachuluka kwa nthawi yaitali amakweza kashiamu m'magazi, munthu n'kumamva ludzu, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa ndi nseru, mpaka impso kuwonongeka.

Osungunuka m'madziwo nawonso si oti n'kumangomwa ngati mtedza wokazinga ayi. Vitamini C wanu wa 1,000 mg sanafike pamalire a 2,000 mg, ngakhale thupi limangofuna wosakwana 100 mg ndipo wambiri mukungomukodza. Kupyola malirewo kumatsegula m'mimba, ndipo amene anadwalapo timiyala ta mu impso ayenera kusamala ngakhale pa mlingo wanuwo. B6 wochuluka kwa miyezi amawononga mitsempha, mapazi ndi manja n'kumachita dzanzi. Komanso kutuluka ndi mkodzoko kumadalira impso zabwino, kotero wodwala impso asamwe chilichonse asanafunse dokotala.

Ndikanakhala inu, ndikanatsala ndi piritsi limodzi la mavitamini osakanizawo patsiku, n'kusiya mafuta a chiwindi cha nsombawo. Ngati mwamwa chonchi kwa miyezi ingapo ndipo mutu ukupweteka kapena khungu lauma, pitani kuchipatala ndi mabotolo onse atatu akayeze chiwindi.