Kope likuti K4,200,000 koma m'bokosi muli K3,840,000, tigawane ziti?

*"Ndine mlembi wa banki m'khonde ya amayi 12 kuno ku Ndirande. Sheya imodzi ndi K5,000 ndipo chaka chino tagula masheya 600. Tikugawana sabata yachiwiri ya Disembala. Kope langa likuti gulu lili ndi K4,200,000, koma titawerenga za m'bokosi ndi za pafoni tapeza K3,840,000. Mnzathu wina sanabweze K300,000 ndi chiwongola dzanja chake cha K60,000, ndipo masheya ake ndi 40 okha. Winanso anangobwera mu Okutobala n'kugula masheya 50 tsiku limodzi, pano akufuna phindu lofanana ndi ife amene tinayamba mu Januwale. Tigawane bwanji kuti tisadane?"*

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo pa nkhani ya msungichuma wanu. Mukachotsa K3,840,000 pa K4,200,000 patsala K360,000, ndipo iyi ndi ngongole ya mnzanu uja ndendende, ndalama imene anatenga pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Ndiye kuti kope lanu ndi bokosi zikugwirizana, palibe wadya ndalama ya gulu. Mukanene zimenezi mokweza pamaso pa onse musanayambe china chilichonse, chifukwa anthu akangomva kuti ndalama zapereŵera maso onse amapita kwa wosunga bokosi, ndipo mbiri ikaipa ku Ndirande imafika kumsika inu musanafike kunyumba.

Nambala ya m'kope si yolakwika, koma si yogawana. Ndi yothandiza kudziwa mtengo wa sheya basi. Tengani K4,200,000 muigawe ndi masheya 600, mupeza K7,000. Kutanthauza kuti sheya imene munagula pa K5,000 yabereka K2,000. Mtengo umenewu ndi umene mugwiritse ntchito powerengera gawo la mayi wa ngongoleyo. Masheya ake 40 pa K7,000 akukwana K280,000. Iye ali ndi K360,000 ya gulu, gulu lili ndi K280,000 yake. Choncho tsiku logawana salandira kanthu, masheya ake onse alowa m'ngongole, ndipo atsala ndi K80,000 yoti abweze.

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera m'mbuna. Akamva kuti sheya yafika K7,000 amaimba nthungululu, mlembi n'kuyamba kuitana maina motsatira kope, aliyense kumuwerengera pa K7,000. Ndinakhalapo pa kugawana kwina ku Chilomoni kumene anachita chomwechi. Ndalama zinali pamphasa m'milumilu, ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha, zomangidwa ndi timalamba. Oyamba kuitanidwa analandira n'kumangirira pansonga ya chitenje, mmodzi mpaka anatsanzika kuti akathamangire kugula feteleza ku Limbe sitolo zisanatseke. Pofika dzina lomaliza pamphasa panatsala ndalama zosakwana theka la gawo lake. Mayiyo anali asanakongolepo chaka chonse, koma ngongole ya munthu wina inagwera iye yekha chifukwa choti dzina lake linali kumunsi kwa tsamba. Kubweza ndalama imene munthu wamanga kale pachitenje ndi ntchito ina yosiyana.

Inu musatero. Masheya 40 aja atuluka, ndiye otsala ndi 560 a anthu 11. Pa K7,000 amafuna K3,920,000, pamene inu muli ndi K3,840,000. Gawani ndalama imene ilipoyo ndi 560, mupeza K6,857 ndi timatambala. Poti palibe amene angapeze chenje cha K7, lipirani K6,850 pa sheya iliyonse. Zonse zikwana K3,836,000 ndipo m'bokosi mutsala K4,000. Wa masheya 50 atenga K342,500. Mwa njira iyi kuchepa kwa K80,000 kuja aliyense wasenzako molingana ndi masheya ake. Tsiku limene mayi uja adzamalize kubweza, muphatikize K80,000 ndi K4,000 ija, ikhala K84,000, ndipo mukaigawa ndi 560 aliyense adzalandira K150 pa sheya. Mukaonjeza pa K6,850 mwafika pa K7,000 ija.

Muwerengere gawo la munthu aliyense papepala dzulo lake, inu ndi msungichuma ndi owerenga ndalama awiri, muphatikize magawo onse muone ngati akufika pa K3,836,000. Patsikulo ikani ndalama m'maenvelopu 11 olembedwa maina, ndipo pasapezeke wogwira envelopu yake mpaka yomaliza itadzaza. Zimene zili pafoni, kaya ku Airtel Money kaya ku Mpamba, mukatape msanga, chifukwa potapa amadula kenakake ndipo ndalama yodulidwayo iyenera kulembedwa ngati yogwiritsidwa ntchito ndi gulu musanagawe. Ikachepetsa ndalama ya m'manja, mugawenso nambala yatsopanoyo ndi 560. Ngati muli ndi thumba la zadzidzidzi, la maliro ndi matenda lija, lisalowe m'masamu amenewa. Onse amasonkha mofanana, ndiye silingagawidwe potsatira masheya. Magulu ambiri amangolisiya kuti liyambe nawo chaka chinacho.

Za K80,000 yotsalayo, alembe kalata pamaso pa gulu, asaine, atchule masiku amene azibweza, pakhalenso mboni. Ine ndimalangiza kuti chiwongola dzanja chiime pa tsiku logawana. Munthu amene walephera kubweza mpaka kutaya masheya ake onse sangakwanitse 20 peresenti pamwezi, ndipo mukapitiriza kumuwerengera mungokulitsa nambala ya m'kope imene simudzaiona. Musapitenso kunyumba kwake gulu lonse kukanyamula matilesi kapena malata. Kulanda katundu mwa mphamvu kumatha kutembenuza mlandu, okongoza n'kukhala oyankha. Akakana kubweza, yambirani kwa amfumu, zikakanika kubwalo la milandu, kalata ija ili m'manja.

Tsopano mayi wa Okutobala. Pano ndikuuzani zimene mwina simukondwa nazo. Ngati malamulo a gulu lanu amangoti phindu ligawidwa potsatira masheya, ndipo munalandira K250,000 yake osanena kanthu, n'kumudindira masheya 50 m'kabuku kake, ndiye kuti chaka chino alandire ngati wina aliyense. Lamulo silisinthidwa ndalama zili kale pamphasa. Mukalisintha lero chifukwa cha iye, chaka chamawa lidzasinthidwa chifukwa cha inu.

Komabe dandaulo lanu ndi loona, ndipo likhoza kuwerengedwa. Phindu la banki m'khonde limachokera ku ndalama imene yazungulira m'ngongole. K5,000 ya mu Januwale yakongozedwa, yabwerera ndi mwana wake, yakongozedwanso, mpaka kumapeto kwa Novembala, miyezi 11. Ya mu Okutobala yagwira miyezi iwiri yokha, mwinanso siinatuluke n'komwe m'bokosi, poti nthawi imeneyo magulu ambiri amakhala akutseka kukongoza kuti atolere. Tiyerekeze mayi amene ankagula masheya asanu mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Okutobala. Nayenso ali ndi 50. Asanu a Januwale agwira miyezi 11, a Febuluwale 10, kumatsika choncho mpaka a Okutobala amene agwira iwiri. Mukaphatikiza miyezi imeneyi ikwana 65, kuchulukitsa ndi masheya asanu, 325. Mnzake wa tsiku limodzi uja ndi 50 kuchulukitsa ndi 2, ikhala 100. Ndalama ya woyambayo yagwira ntchito kuposa katatu ya mnzake, koma pa malamulo anu onse awiri apeza phindu la K100,000.

Gulu likafuna, likhoza kugawa phindu potsatira nambala zimenezi. Aliyense amayamba watenga masheya ake pa mtengo wogulira, kenako phindu lokha ndi limene limagawidwa. Tinene kuti mwawerengera anthu onse 12 motere ndipo zonse pamodzi zakwana 3,750. Phindu la K1,200,000 kugawa ndi 3,750 ndi K320. Mayi wa mwezi ndi mwezi apeza K104,000, wa Okutobala K32,000. Mukuona kuti K68,000 ndi imene ikumupitirira, ndipo yachoka pang'onopang'ono m'matumba a ena onse. Muonetseni masamuwa mwaulemu, osati pomuchititsa manyazi. Akavomera yekha kusiyako kenakake, zili bwino. Akakana, mupatseni zake.

Kunena zoona, njira yowerengera miyeziyi sindiikonda kwenikweni pa gulu ngati lanu. Ndi yachilungamo, koma imafuna kuti mlembi alembe mwezi wa sheya iliyonse osaphonya, ndipo pogawana ndi anthu awiri kapena atatu okha amene amatha kutsatira masamuwo. Ena onse amangokhulupirira, ndipo pamene anthu akungokhulupirira mlembi m'pamene miseche imayambira. Njira yosavuta ndi imene mabanki m'khonde ambiri anaphunzitsidwa kuyambira pachiyambi: pa msonkhano uliwonse munthu agule sheya imodzi mpaka asanu, osapitirira. Lamulo limeneli likanakhalapo, mayi uja sakanatha kugula 50 tsiku limodzi. Amene ali ndi ndalama zambiri akambirane ndi anzake mu Januwale kuti mtengo wa sheya ukwere, osati kudzakhuthula thumba kumapeto.

Ngongole ija nayonso inaonekera patali. Munthu wa masheya 40, amene ndi K200,000, anatenga K300,000. Izi zili mkati mwa malire amene magulu ambiri amatsatira, oti munthu asakongole kupitirira katatu ka zimene wasunga. Koma malire amenewo ndi abwino kumayambiriro ndi pakati pa chaka, pamene pali nthawi yobweza pang'onopang'ono. Miyezi iwiri kapena itatu yomaliza, ngongole pamodzi ndi chiwongola dzanja chake isapose masheya a munthuyo, kuti akalephera masheya akewo aitseke yonse. Mukadzakhala pansi mu Januwale, lembani malamulo awiriwa m'tsamba loyamba la kope latsopano, aliyense asaine kapena adinde chala sheya yoyamba isanagulidwe. M'kopemo mukhale ndi tsamba limodzi limene pa msonkhano uliwonse mulembapo ndalama imene yatsala m'bokosi ndi ngongole zonse zimene zili kunja, ndipo pa msonkhano wotsatira, bokosi lisanatsekulidwe, mufunse amayiwo kuti anene pamtima kuti munatseka ndi zingati.