Madesimo akusiyana pang'ono ndi yankho langa: ndalakwa?

"Mwana wanga wa Sitandade 6 anapatsidwa samu iyi: 2/3 + 3/8. Iye wapeza 5/11, ine ndapeza 1 1/24. Kuti ndimusonyeze kuti wolondola ndine, ndinasandutsa zonse kukhala madesimo pa foni: 0.67 + 0.38 zandipatsa 1.05, koma yankho langa likupereka 1.04. Pano mwanayo akundiseka. Kodi tonse talakwa?" Mayi wa ku Dedza

Mayi, yankho lanu ndi lolondola, ndipo njira yotsimikizira yomwe mwasankha ndi yabwino. Chomwe chakusokonezani n'chakuti madesimo anuwo munawadula msanga.

Fulakishoni ndi samu yogawa basi: nambala ya pamwamba kugawa ndi ya pansi. Tengani 3/8: 8 salowa mu 3, ndiye timalemba 0 ndi kadontho, n'kuwonjezera ziro kumapeto kwa 3 kuti akhale 30, ndipo timateronso ndi chotsala chilichonse. Mu 30, 8 amalowa katatu n'kutsala 6. Mu 60 amalowa ka 7 n'kutsala 4. Mu 40 amalowa kasanu osatsala kanthu. Ndiye 3/8 ndi 0.375 ndendende. Koma 2/3 ndi wamakani: mu 20, 3 amalowa ka 6 n'kutsala 2, ndipo 2 yemweyo amabwererabe mpaka kalekale, 0.6666... Kugawa kumafika pamapeto pokhapokha ngati nambala ya pansi, fulakishoni itachepetsedwa kale, imapangidwa pochulukitsa ma 2 ndi ma 5 okha, monga 4, 8, 20 kapena 25. Ikakhala 3, 7, 12 kapena 24, desimo yake siitha, ndipo muyenera kuidulira penapake.

Inu munadulira pa manambala awiri pambuyo pa kadontho. Polemba 0.67 munakweza 2/3 ndi pafupifupi 0.0033. Polemba 0.38 munakweza 3/8 ndi 0.005. Kwinaku yankho lanu, lomwe ndi 25/24 kapena kuti 1.041666..., munalitsitsa ndi pafupifupi 0.0017 polemba 1.04. Mbali ina yakwera, ina yatsika, ndipo timanambala titatuto mukatiphatikiza tikukwana 0.01 yomwe yakusowetsani mtendereyo.

Bwerezani ndi manambala anayi pambuyo pa kadontho. 0.6667 + 0.3750 = 1.0417, ndipo 25 ÷ 24 ndi 1.0417. Zagwirizana. Ngati mukufuna kuyamba ndi 1 1/24 mmene ilili, gawani 1 ndi 24 kuti mupeze 0.0417, kenako muwonjezere 1 wathunthu uja. Pophatikiza mafulakishoni awiri, mbali ziwirizi zikhoza kusiyanabe ndi 1 pa nambala yomalizira, zimenezo musade nazo nkhawa. Zikasiyana kuposa apo, pali cholakwika chenicheni.

Ine manambala awiri sindiwakhulupirira pa chifukwa chinanso: amatha kuvomereza yankho labodza. Wina atalemba 1 1/25 m'malo mwa 1 1/24, onse awiri angaoneke ngati 1.04. Pa manambala anayi ndi pomwe amasiyana, 1.0400 ndi 1.0417.

Tsopano za 5/11 wa mwanayo. Iye waphatikiza za pamwamba pazokha, 2 + 3, ndi za pansi pazokha, 3 + 8, cholakwa chomwe ana ambiri amachita. Musamuuze kuti walakwa, mupatseni foniyo agawe yekha 5 ndi 11. Apeza 0.4545. Ndiye mumufunse: tinayamba ndi 0.6667, tawonjezerapo zina, zatheka bwanji kuti zichepe mpaka osakwana ndi theka lomwe? Funso limeneli limagwira mtima kuposa lamulo loloweza.

Madesimo amathanso kuloza pomwe samu yapotokera. Tinene kuti mwana wapeza bwino 24 ngati nambala ya pansi, wasintha 2/3 kukhala 16/24, koma pa 3/8 wayiwala kuchulukitsa ya pamwamba n'kulemba 3/24. Yankho lake likhala 19/24, yomwe ndi 0.7917, kutali ndi 1.0417. Apa yesani fulakishoni iliyonse payokha. 16 ÷ 24 ikupereka 0.6667, chimodzimodzi ndi 2/3, ndiye pamenepo palibe vuto. 3 ÷ 24 ikupereka 0.125 pomwe timayembekezera 0.375, ndipo wapezeka wolakwayo: panafunika 9/24.

Samalani ndi kutembenuza manambala pogawa. Mukalemba 3 ÷ 2 m'malo mwa 2 ÷ 3 mupeza 1.5. Chizindikiro chake n'chapafupi: ya pamwamba ikakhala yocheperapo kuposa ya pansi, desimo iyenera kuyamba ndi 0.

Pali china chomwe njirayi siingakuuzeni. 50/48, 25/24 ndi 1 1/24 onse amapereka 1.0417, choncho madesimo sangadziwe ngati yankho lachepetsedwa mpaka pomalizira, kapena ngati lalembedwa mmene aphunzitsi akufunira. Zimenezo mwana aone ndi maso: kodi ilipo nambala yomwe ingagawe ya pamwamba ndi ya pansi yomwe? Pa 50/48 ilipo, ndi 2. Pa 25/24 palibe, kwangotsala kutulutsa 1 wathunthu ngati funso latero.