Matimati obiriwira amafuna katoni ndi nthochi, osati filiji

"Ndimalima ku Bvumbwe. Chiperoni chandibweretsera chiwawu kudimba matimati akadali obiriwira. Ndikathyola apsa? Nanga ena ndisunge mufiliji kuti asaole?"

Mayi, thyolani lero lomwe, chiwawu chisanafike pazipatso. Koma si onse amene angapse. Tengani limodzi mulidule pakati ndi mpeni wakuthwa. Njere zikakhala m'madzi olenda n'kumazemba mpeni, ndiye kuti lakhwima, ndipo anzake a msinkhu womwewo, amene khungu layamba kuyererako kunsi, apsa bwinobwino. Mpeni ukamadula njere zoyera, m'kati muli gwa, amenewo ndi anthete. Angofota.

Matimati okhwima amadzipsetsa okha ndi mpweya umene amatulutsa, wotchedwa etilini. Ntchito yanu ndi kuusunga mpweyawo pafupi nawo. Yalani nyuzipepala m'katoni, ndandalikani matimati ouma bwino osasanjikiza, ikanipo nthochi ziwiri zakupsa, n'kutseka. Nthochi imatulutsa mpweya womwewo wambiri. Chinanazi cha ku Mulanje musachivutitse, sichithandiza pa ntchitoyi. M'jumbo ayi, amachita thukuta n'kuola.

Katoniyo ikhale m'nyumba pofunda, madigiri 18 mpaka 21, osati pasimenti kapena pakhonde pamene chifunga chimafika usiku. Dzuwa safuna. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akuwayanika pamalata, chifukwa kutentha kukapitirira madigiri 30 kufiira kumaima, amangosanduka achikasu n'kufewa. Yembekezani sabata imodzi kapena ziwiri, koma muzitsegula tsiku lililonse. Lililonse looneka banga lofiirira, lolimba, ngati lapakidwa mafuta, chiwawu chinalilowa kale kudimba. Lichotseni lisanapatsire anzake.

Tsono filiji. Matimati ndi mbewu ya kotentha, ndipo pansi pa madigiri 12 amavulala ndi kuzizira. Filiji ya panyumba imakhala cha pa madigiri 4. Obiriwira mukawaikamo, kupsa kumasokonezeka: potuluka amafiira mwamawangamawanga, khungu limachita timaenje, m'kati mumakhala zii.

Akupsa nawonso amataya kanthu. Kukoma kwa matimati si shuga ndi kuwawasa kokha, mbali yaikulu ndi kafungo kamene timamva m'mphuno tikamatafuna. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Florida ku America anasunga matimati akupsa pa madigiri 5 kwa masiku 7. Shuga ndi kuwawasa sizinasinthe kwenikweni, koma fungo linachepa kwambiri, chifukwa kuzizira kunaimitsa ntchito yopanga fungolo m'kati mwa chipatso, pamene lomwe linalipo kale limatuluka. Atawabwezera pofunda, silinabwerere lonse. Amene anakhala masiku 1 mpaka 3 okha sanataye zambiri.

Choncho filiji muisungire matimati amene apsa kale kwambiri, omwe mawa angaphulike, ndipo asapitirire masiku 3. Akakuchulukirani nthawi imodzi, ine ndingasankhe kuwadula n'kuwawiritsa ndi kamchere, msuziwo ndiwo ulowe mufiliji.