Mayina a anthu osakanikirana magazi mu ulamuliro wa Spain ku Mexico

"Ndinaona zithunzi zakale za ku Mexico zosonyeza bambo, mayi ndi mwana, ndipo pa chithunzi chilichonse mwanayo anapatsidwa dzina la mtundu wakewake. Kodi boma la Spain linkasiyanitsadi anthu ndi mayina onsewo, nanga dzinalo linkasintha chiyani pa moyo wa munthu?"

Zithunzizo zinajambulidwa makamaka m'zaka za m'ma 1700, kawirikawiri m'magulu a 16, ndipo zodziwika kwambiri ndi za Miguel Cabrera za mu 1763. Zambiri zinkatumizidwa ku Spain kukasangalatsa maso a anthu olemera, motero si bwino kuzitenga ngati kaundula wa boma.

Komabe ndondomeko yake imaulula maganizo a atsamundawo. Mwana wa Msipanishi ndi mkazi wa mwa eni nthaka ankatchedwa mesitizo. Mesitizo akabereka ndi Msipanishi mwanayo anali kasitizo, ndipo mwana wa kasitizo ndi Msipanishi ankawerengedwanso kuti ndi Msipanishi. Pa mibadwo itatu yokha mbiri ya agogo inali itafufutika. Kwa zidzukulu za Aafirika amene anabweretsedwa mu ukapolo, khomo limeneli linali lotseka. Mzere wawo unkayenda kuchokera pa mulato, mwana wa Msipanishi ndi munthu wakuda, kenako morisiko, kenako alubino, koma pa chithunzi chotsatira, ngakhale kholo linalo linali Msipanishi m'badwo uliwonse, ankajambula mwana wakuda n'kumupatsa dzina lotanthauza kubwerera m'mbuyo. Apa m'pamene ine ndimaona kuti nkhani sinali ya khungu lokha ayi, koma chinali chitonzo cha ukapolo chimene ankafuna kuti chisachoke pa banja.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mayina ogwira ntchito anali ochepa: Msipanishi, mwini nthaka, munthu wakuda, mesitizo, mulato, ndiponso mwa apo ndi apo kasitizo kapena morisiko. Amenewa ndiwo ankakhudza thumba la munthu, chifukwa eni nthaka ankakhoma msonkho wa mfumu, anthu akuda ndi amulato omasuka ankayeneranso kukhoma, pamene mesitizo sankakhoma. Wofuna unsembe, maphunziro a ku yunivesite kapena udindo wa boma ankafunsidwa umboni wa "magazi oyera", lamulo limene linayambira ku Spain komweko pofuna kutsekereza zidzukulu za Ayuda ndi Asilamu olowa Chikhristu.

Dzinalo nthawi zambiri linkachokera kwa wansembe, amene pobatiza ankasankha buku lolembamo mwana potengera maonekedwe, mbiri ya makolo ndi zonena za anthu. N'chifukwa chake munthu mmodzi ankatha kulembedwa mulato pa ubatizo koma mesitizo pa ukwati, makamaka ngati anasamuka mudzi ndipo wapeza chuma. Mu 1795 mfumu ya Spain inafika poika mtengo wa chikalata chochotsera munthu zoletsa za umulato, zomwe zinakwiyitsa kwambiri akuluakulu a mzinda wa Caracas ku Venezuela, dera lina lomwe Spain inkalamulira, ngakhale ochipeza anali owerengeka. Mexico italandira ufulu mu 1821, chaka chotsatira inaletsa kulemba mayinawa m'mabuku a boma ndi a mpingo.