Pooda zingwe, yambani mwawerenga khungu lake

*"Achimwene, ndikufuna kuyamba kuoda zingwe za tchaja ndi mawaya a sola ku Kariakoo kapena ku Joni. Inu mumasankha bwanji? Pa zingwe ndimaona 28AWG, pena 24AWG, pena 2.5mm². Kodi nambala yaikulu ndiye yamphamvu?"*

Achemwali, pa AWG zinthu zimayenda chobwerera: nambala ikamakula, waya amawonda. 28AWG ndi kawaya konga ulusi, 24AWG ndi wonenepako, ndipo 10AWG ndi waya wamphamvu ndithu. Umenewu ndi muyezo wa ku Amereka, koma mafakitale a ku China amaulemba pa zingwe zambiri za mafoni, za makompyuta ndi za masipika. Pa mm² ndiye n'zowongoka: nambala yaikulu, waya wonenepa. Mawaya a m'nyumba ochokera ku Joni amalembedwa motero, 1.5 wa mababu ndi 2.5 wa masoketi, monga amaitanitsira amisiri athu. Mukaloweza ziwiri izi simusokonezeka: 14AWG ndi pafupifupi 2mm², ndiye kuti safika pa 2.5, ndipo 18AWG ndi pafupifupi 0.8mm². Komanso pa AWG nambala ikakwera ndi 3, mkuwa wa m'kati watsika ndi theka.

Nambala zonsezi zikunena za chitsulo cha m'kati, osati pulasitiki wa kunja. Apa ndi pamene ooda atsopano amagwera, chifukwa amasankha ndi maso. Chingwe chimatha kukhala chonenepa, cholukidwa bwino ndi nsalu, koma m'kati muli timawaya tochepa kwambiri. Pulasitiki ndi wotchipa, wodula ndi mkuwa.

Tiyambe ndi cha tchaja. Chiwongoleni pamalo owala, mupeza mzere wa zilembo zing'onozing'ono monga uwu:

```
28AWG/1P + 24AWG/2C
```

Gawo la 1P ndi mawaya awiri opotana amene amanyamula zithunzi ndi nyimbo pakati pa foni ndi kompyuta. Amenewo ngakhale atawonda palibe vuto. Gawo la 2C ndi mawaya awiri a moto, ndipo inu maso anu akhale pamenepo. Pakalembedwa 24AWG/2C chingwecho n'chabwino, 22 kapena 20 n'chabwino koposa. Pakalembedwa 28AWG mbali zonse, ndi chingwe chimene kasitomala adzabwera nacho mawa lake akudandaula kuti foni yagona pa moto koma sinadzaze.

Chifukwa chake n'chakuti waya wowonda amadya mavolti m'njira, ngati paipi yopapatiza imene madzi amafika kumapeto atafooka. Tchaja wamba imatulutsa mavolti 5. Foni ikamakoka maampu 2 pa chingwe cha mita imodzi cha 28AWG, moto umayenda mamita awiri, kupita ndi kubwerera, ndipo umataya mavolti pafupifupi 0.85. Foni ikaona kuti mavolti agwa chotero imachepetsa yokha zimene ikukoka, n'kumatchaja pang'onopang'ono. Pa 24AWG amatayika ndi 0.34 okha. Chingwe chikatalika kawiri, zotayikazo zimachulukanso kawiri. N'chifukwa chake ine zingwe za mamita awiri kapena atatu sinditenga ngati pa 2C sipanalembedwe 22 kapena 20, ngakhale makasitomala amazikonda kwambiri zazitalizo.

Ku sola nkhani imakula, ndipo pamenepa ndikupemphani musamale chifukwa ogula anu ambiri adzakhala a kumudzi amene asonkha ndalama kwa miyezi. Tinene kuti munthu ali ndi batire ya mavolti 12, ndi wailesi ya kanema yodya mawatsi 60, ili mamita 5 kuchokera pa batire. Gawani mawatsi ndi mavolti: 60 ÷ 12, maampu 5. Waya woyendamo moto ndi mamita 10. Mukamugulitsa 18AWG, uja wofiira ndi wakuda amene ambiri amati wa masipika, ataya volti yathunthu m'njira. Masana sazindikira kanthu. Usiku batire ikatsika pang'ono, kanema amazima mpira uli m'kati, mwini wake n'kuyamba kunena kuti batire yatha kapena panelo ndi yabodza, pamene wolakwa ndi waya. Mukamupatsa 14AWG zotayika zimatsika kufika pa 0.4, ndipo ndi 2.5mm² zimatsikanso pang'ono. Kanema wa mawatsi 60 yemweyo pa magetsi a ESCOM a mavolti 230 amakoka gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a ampu, choncho kawaya kowonda kamamukwanira. Ndiye munthu akati "kunyumba kwa achimwene ku tauni akugwiritsa ntchito kawaya komweka", mumufotokozere kuti mavolti akachepa maampu amachuluka, ndipo maampu ndi amene amafuna waya wonenepa.

Pa invata musanyengerere. Ya mawatsi 300 imakoka maampu oposa 25 ku batire. Pamenepo pamafunika waya wa 6mm² kapena kuposa, wamfupi, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Waya wowonda pamalo amenewa samangofooketsa moto, amatentha, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo m'nyumba yofolera ndi udzu zotsatira zake mukuzidziwa.

Tsono zolembedwa pa khungu nthawi zina zimanama, kapena zimanena zoona zosakwanira. Mukaona CCA, ameneyo ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Amaoneka ngati mkuwa, koma ngakhale nambala ikhale yofanana, amadutsitsa moto wosafika pa magawo awiri mwa atatu a umene mkuwa weniweni umadutsitsa, ndipo amathyoka msanga pomangira sikuluwu. Amene walemba CCA wachita chilungamo. Oopsa ndi amene salemba.

Ine posankha ndimachita chonchi. Ndimapempha kachidutswa, kapena ndimagula chingwe chimodzi n'kuchidula pomwepo wogulitsa akuona. Ndimapala kawaya kamodzi ndi mpeni: m'kati mukayera ngati siliva, ndi aluminiyamu, pomwe mkuwa umakhala wofiirira mpaka pakati. Ndimayendanso ndi kamaginito, chifukwa mawaya ena ndi chitsulo chokutidwa, ndipo mkuwa sugwira maginito. Pa mipukutu ndimagwiritsa ntchito sikelo ya m'manja, yomwe timayezera zikwama pokwera basi. Mamita 100 a waya mmodzi wa 2.5mm² amakhala ndi mkuwa wolemera makilogalamu 2.2, osawerengera pulasitiki. Mpukutu wonse ndi pulasitiki wake ukalephera kufika pamenepo, ndiye kuti mwina si mkuwa, mwina si 2.5, mwina si mamita 100. Chilichonse mwa zitatuzi n'chokwanira kuusiya.

Chingwe chopanda chilembo chilichonse sindigula chambiri, ngakhale mtengo utagwa bwanji, chifukwa sindingathe kumuuza kasitomala kuti n'cha ntchito yanji. Zolukidwa ndi nsalu sizilembedwa pa khungu, choncho yang'anani pa paketi, ndipo pakasowa nambala dulani chimodzi muyerekeze ndi chidutswa cha 24AWG chimene mwachokera nacho kunyumba.

Ulendo woyamba musatenge mitundu yambiri. Tengani zingwe za tchaja za mita imodzi za 24AWG/2C, waya wa sola wa 2.5mm² ndi 4mm², ndi wa 6mm² wochepa wa mainvata. Muuze wogulitsa alembe makulidwe ndi mamita pa lisiti, osangoti "waya". Lisiti yomveka imakuthandizani pofotokoza katundu kwa a MRA pa Songwe kapena pa Mwanza, ndipo ndi imene mudzaitanitsire katundu yemweyo pa foni ulendo wotsatira. Musanalipire, tsegulani katoni ya pansi osati ya pamwamba yokha, muwerengenso khungu la zingwe za m'menemo.