Mbale ya Taiga muibise kaye

"Alamu, Taiga watitopetsa. Mpanda wathu ndi waung'ono, kunja sitimutulutsa kawirikawiri, ndiye akungofukula maluwa, kutafuna masilipasi ndi kuuwa usiku. Pali timasewera toti tizimuchititsa mommuno?"

Eee alamu, ndaona uthenga wanu, kulemba ndingachedwe ndiye ndingolankhula. Choyamba, mbale yake ija muibise kaye. Musaseke. Galu ntchito yake yaikulu ndi mphuno, ndiye inu mukamuikira chakudya m'mbale amameza mphindi ziwiri, basi tsiku lonse alibe chochita. Chakudya chomwecho azichita kusaka.

Mawa mmawa asanadye kanthu, tengani chakudya chake cha nthawi zonse, musaonjezere ayi, anganenepe. Ngati ndi nsima yotsala, iduleni timagawo ngati chala chachikulu, mufinyiremo tiusipa pang'ono kuti fungo limveke. Ngati mumagula chija chouma cha m'matumba, ndiye bwinonso, sichimata. Koma ndiwo zokazingira anyezi kapena adyo musaikemo, zimaononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophikanso ayi, amathetheka n'kumulasa m'mimba.

Tsiku loyamba musabise chilichonse. Ponyani kagawo kamodzi pansi iye akuona, munene mawu amodzi, ine ndimati "saka". Akatola, ponyaninso kena patali pang'ono, "saka". Kakhumi kokha, mwamaliza. Apa mukungofuna adziwe kuti mawu amenewa akamveka ndiye kuti pansi pali kanthu. Ndipo onse pakhomopo azinena mawu omwewo, osati wina "saka", wina "funa", ana akukuwa zawo.

Pakapita masiku awiri atatu, mutsekereni kukhitchini kapena wina amugwire kuseri, inu muike timagawo tisanu malo osavuta: pakona ya khonde, kuseri kwa ndowa, pansi pa mpando. Mumutsegulire, "saka", kenako mukhale chete manja kumbuyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amayamba kuloza ndi chala chifukwa chomumvera chisoni. Mukatero aphunzira kuyang'ana dzanja lanu, mphuno aisiya. Musiyeni azungulire. Mudzamva kapumidwe kakusintha, fwe fwe fwe mofulumira, mutu uli pansi, adutsa malo aja kenako n'kubwerera mwadzidzidzi. Pamenepo ndiye mutu ukugwira ntchito.

Akamamaliza zonse musanakhale n'komwe pansi, mwamupeputsira. Ikani pamwamba pang'ono, ngati pa njerwa ziwiri zosanja, kapena pansi pa kapu ya pulasitiki yovundikira, kapena mukulunge m'chithaulo chakale azichita kufunyulula ndi mphuno. Koma akangosiya n'kukhala pansi kumakuyang'anani, kapena kuyamba kukuuwani, mwathamanga naye. Bwererani pa zosavuta, apeze kamodzi kawiri, mulekere pomwepo.

Ndikuuzeni zomwe ndinapusa nazo ine. Wathu uja atazolowera, ndinati ndimuonjezere, n'kukwirira kansomba mu mchenga pafupi ndi dimba la mayi a kunyumba. Anapezadi, ine kuomba m'manja. Mawa lake tomato yense mizu ili m'mwamba! Ndinamuphunzitsa ndekha kuti pansi pa dothi pamakhala zabwino. Ndiye inu, poti Taiga ndi wofukula kale, kumaluwako musabiseko chilichonse. Pasimenti pokha, kapena m'nyumba.

Chinanso, muziwerenga timagawo mwabisa. Mwaika tisanu ndi kamodzi, apeze tisanu ndi kamodzi, chifukwa kotsalako kaitana nyerere ndi makoswe. Tikatchula makoswe, ngati munathirapo mankhwala pena pake, kuseri kwa matumba a chimanga kapena kusitolo, chotsani musanayambe. Galu amene mwamuphunzitsa kununkhiza makona onse awapeza ndithu.

Masiku amvula kapena mukakhala otanganidwa, tengani botolo lapulasitiki la malita awiri, muchotse chitsekerero ndi kamkombero kaja kamatsala pakhosi, mubowole mabowo atatu m'mbali, muikemo chakudya chouma. Azilikankha, chakudya chizigwa pang'onopang'ono. Koma ili musamusiye nalo yekha. Akayamba kuluma n'kumabenthula pulasitiki, mulandeni, mumupatse kachakudya kena posinthana. Ana aang'ono asamulande ndi iwo, galu ali pa chakudya sachedwa kuluma.

Nthawi yake mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mmawa kusanatenthe ndi madzulo. Ya madzuloyo musaiphonye poti vuto lanu ndi la usiku, madzi akhale pafupi chifukwa kununkhiza kumaumitsa kukhosi. Masilipasi okha muzikweza pamwamba, sasiya lero ndi lero. Ndipo Loweruka alamu anga aamunawo amumange chingwe ayende naye ngakhale mpaka pamsewu, azimulola kuima n'kumanunkhiza, osamukoka. Kuuwako kukapitirira patatha milungu iwiri, mudzandiuze nthawi yake yeniyeni imene amayamba, mwina pali chimene chimadutsa kuseri kwa mpandako.