Bandulo ikutha msanga ndikalumikiza laputopu ku foni

"Ndimakhala ku Mchinji, kunyumba kulibe intaneti ina kupatula ya pafoni. Ndikayatsa Hotspot kuti laputopu ilowe, bandulo ya 1GB sikutha ola. Chikudya n'chiyani?"

Achimwene, wakuba wanu ndi Windows yemweyo. Laputopu ikangoona Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yaulere, ndiye imayamba kukoka zosintha zake mwakachetechete, ndipo chosintha chimodzi chokha chimatha kupitirira 500MB. Inu muli kalikiliki kulemba imelo, bandulo ikupita.

Iuzeni kuti intanetiyi ndi yogula. Mukalumikiza, pitani ku Settings, kenako Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la foni yanu, muyatse Metered connection. Ikatero, Windows Update imaleka kukoka zambiri mwa zosinthazo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: imakumbukira dzina limenelo basi. Mukabwereka foni ya mlamu wanu kapena mukasintha dzina la Hotspot, muyatsenso.

Kuti mugwire wakubayo ndi maso anu, tsegulani Data usage momwemo mu Network & Internet. Imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi ma MB amene yadya. Ine ndili ku Kasungu ndinkanamizira ana kuti akuonera makanema, koma nditayang'ana ndinapeza kuti ndi pulogalamu yosungira mafayilo pa intaneti, inkakweza zithunzi zonse za ukwati wa mchemwali wanga. Kukweza nakonso kumadya bandulo, anthu ambiri amaiwala.

Ndimafunsanso balansi ndisanalumikize, n'kufunsanso pakatha mphindi 10 osatsegula kanthu. Ikatsika ndi ma MB ambirimbiri, ndiye kuti chilipo chikuyendabe kuseri.